Nyali, tambala ndi makoma olankhula: mafunso ndi mayankho pa zithunzi zandale nthawi ya chipwirikiti

Ntchito yanga ndi yolemba masaini pano pa boma la Mangochi: mayina a magolosale, a maboti, nthawi zina ndi mitanda ya kumanda. Ndinayamba kugwira burashi Kamuzu akadali pampando, choncho achinyamata obwera kudzaphunzira kusakaniza penti amakonda kundifunsa za masiku amenewo, makamaka akaona zikwangwani za zionetsero pa foni. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera. Ndayankha kwambiri za 1992 ndi 1993 chifukwa ndi zimene ndinaziona ndi maso, ndipo za kunja ndazitenga pokhapokha pamene zikuthandiza kumvetsa zathu.

Bwanji anthu amathamangira chithunzi zinthu zikavuta, m'malo mongolemba mawu?

Mawu amafuna munthu wodziwa kuwerenga, ndipo amafunanso kuti aime. Mayi wochokera ku Katuli atasenza dengu la tomato sangaime pamlatho kuwerenga ndime zitatu, komanso mwina chilankhulo chake cha tsiku ndi tsiku ndi Chiyao pamene pepalalo lalembedwa m'Chingerezi. Chithunzi chimalowa m'maso munthu akuyenda, Myao ndi Mnyanja chimodzimodzi.

Koma chifukwa chachikulu nthawi ya mantha ndi china: chithunzi chimakanika. Ukalemba kuti wakutiwakuti ndi wakuba, mlandu uli papepala pomwepo. Ukajambula fisi atavala jekete ali pakhomo pa khola la mbuzi, aliyense akudziwa amene ukunena, koma wapolisi kuti akumange ayenera kuyamba wavomera yekha kuti fisiyo akufanana ndi bwana wake. Ndi nzeru ya okuluwika, yomwe tinali nayo mapepala asanabwere. Taonani beni wathu uno, anyamata atavala zausilikali zodzaza mendulo akuguba mokokomeza: ndi katuni yovinidwa, yoseka perete wa atsamunda iwo ali pomwepo kuonerera. Kwa Achewa chinyau cha Simoni, cha nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, chinkachita zomwezo.

Nthawi ya chipani chimodzi kunali zithunzi zandale?

Zinali zambiri kuposa lero, kungoti zonse zinali za munthu mmodzi. Sitolo iliyonse, ofesi iliyonse inkayenera kupachika chithunzi cha Kamuzu, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, kaya wotchi kaya kalendala. Ife olemba masaini tinkadziwa kuti tikamakhoma chikwangwani cha mitengo ya katundu m'kati mwa sitolo tiziyamba tayang'ana pamene pali Ngwazi. Amayi a mbumba ankavala nkhope yake pazitenje, ndiye kuti posita yoyenda yokha, yovina, yopita ndi kumaliro komwe. Tambala wakuda wa chipani cha MCP anali pa mbendera za chipani ndi pa mabaji, ndipo kuyambira 1971 dzina lake linalowa m'thumba la aliyense: matambala 100 ndiwo kwacha imodzi.

Chimene achinyamata sachiganizira n'chakuti kusowa kwa chithunzi nakonso kunali uthenga. Henry Masauko Chipembere anali wa kuno, ku Malindi. Atasemphana ndi Kamuzu mu 1964, mu Febuluwale 1965 iye ndi anthu ake analanda boma lino, pa nthawiyo likutchedwa Fort Johnston, nanyamuka ulendo wa ku Zomba, koma anakakanika kuwoloka Shire pa Liwonde chifukwa pantoni inali tsidya lina. Kuchokera pamenepo nkhope yake inazimiririka. Amene anali ndi chithunzi chake anachiwotcha kapena kuchikwirira, ndipo dzina lake silinkatchulidwa pagulu. Ana a ku Malindi anakula osadziwa maonekedwe a munthu amene makolo awo anavutikira. Lero dzina lakelo lili pa msewu waukulu wa mu Blantyre.

Pamwamba pa zonsezi panali lamulo la 1968 limene linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zosindikiza zisanafike kwa anthu. Ngakhale okuluwika sankapulumutsa nthawi zonse: mlakatuli Jack Mapanje, wobadwira m'boma lomwe lino, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaimbidwa mlandu kukhoti. Choncho makatuni a m'nyuzipepala za masiku amenewo ankaseka zidakwa, mbeta ndi amuna oopa akazi awo, ndale ayi.

Nanga uthenga wotsutsa unayamba kuyenda bwanji mu 1992?

Poyamba sunali wa zithunzi, unali wa mapepala wamba. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikudzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Inasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort, m'dayosizi ya Mangochi yomwe ino, ndipo episkopi wa kuno pa nthawiyo, Alessandro Assolari, anali mmodzi wa osainira. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu, ndipo nyumba yosindikizirayo inatenthedwa.

Kutentha makina amodzi sikunathandize, chifukwa m'maofesi munali mutalowa kale fotokope ndi fakisi. Makalata opanda dzina ankalowa pa fakisi kuchokera kunja, wina n'kuwachulukitsa usiku, m'mawa n'kupezeka atamwazika pamsika kapena pansi pa zitseko. Apolisi anafika pomasecha maofesi ndi kumanga anthu ogwira ntchito pafupi ndi makinawa. Ine pepala loyamba ndinalilandira m'basi ya ku Monkey Bay, litapindidwa kanayi, zilembo zitachita mbuu chifukwa linali kope ya kope ya kope.

Apa pali phunziro la ntchito yathu. Fotokope ikabwerezedwa kambirimbiri, chithunzi cha kamera chimasanduka chibanthu chakuda, zilembo zing'onozing'ono zimadyeka, koma chojambula cha mizere yokhuthala yakuda papepala loyera chimapirira. Ndiye chifukwa chake zojambula za nthawi ya chipwirikiti, kulikonse kumene mungapite, zimaoneka zokhakhala ndi zamitundu yochepa. Wojambulayo akudziwa kuti ntchito yake idutsa m'manja ndi m'makina ambiri iye kulibe.

Tiuzeni bwinobwino za nyali ndi tambala. Zinagwira ntchito bwanji?

Riferendamu inachitika pa 14 Juni 1993, ndipo funso linali lakuti dziko lipitirire ndi chipani chimodzi kapena pabwere zipani zambiri, zimene tonse tinkangoti matipate. Popeza ovota ambiri sankawerenga, mbali iliyonse inapatsidwa chizindikiro: tambala wakuda kwa ofuna chipani chimodzi, nyali kwa ofuna matipate. Poyamba boma linkafuna mabokosi awiri, lina la tambala lina la nyali. Otsutsa anakana, chifukwa aliyense akanatha kudziwa bokosi limene walowera, ndipo mkanganowo unatha ndi bokosi limodzi. Wovota ankalandira timapepala tiwiri, n'kulowa mobisika, kuika kamene wasankha mu envulopu, kenako kotsalako n'kukataya. Munthu sankafunika kugwira cholembera. Voti yonse inali kusankha pakati pa zithunzi ziwiri.

Tsopano taonani mmene zithunzi ziwirizi zinalimbanirana. Tambala anali ndi mphamvu ya zaka makumi atatu. Tanthauzo lake loyamba linali labwino zedi: tambala akalira ndiye kuti kwacha, usiku wa chitaganya ndi atsamunda watha. Akuluakulu amene anaona 1959 ankamumva choncho. Vuto lake linali lakuti pofika 1993 tambala yemweyo anali atasenza zonse zimene anthu anakumana nazo: kadi yokakamiza pakhomo la msika ndi pokwera basi, ayufi, apayoniya, mphatso zotolera mokakamiza Ngwazi ikamabwera kudzayendera mbewu. Chizindikiro chikakhalitsa chimayamwa mbiri ya eni ake ngati nsalu yoyamwa thukuta, ndipo sungachichape ndi msonkhano umodzi.

Nyali inabwera yopanda mbiri. Sinali ya UDF kapena ya AFORD, inali ya onse ofuna kusintha. Inali nyali ya galasi ya parafini, yokhala ndi chogwirira cha waya, imene ili m'nyumba ya mphunzitsi, ya shehe ndi ya msodzi yemwe. Sinafune womasulira: kuli mdima, tikufuna kuona. Kuno kunyanja inali ndi kakomedwe kena. Aliyense wa ku Makawa kapena ku Malembo amadziwa kuti usipa umasonkhanira kuwala, kuti usiku wopanda mwezi siginala akayatsa nyali zake pabwato ndiye kuti khoka la chilimira lidzadza. Nyali za asodzi ndi za mtundu wina, zopopa, koma m'mutu mwa munthu wa kunyanja nyali ndi chakudya.

Kwa wojambula kusiyana kwake kunali kwa m'manja. Nyali ndi mizere yowerengeka: kabotolo pansi, galasi lozungulira, kachipewa, waya. Mwana wa sitandade 3 amaijambula ndi khala pakhoma la chimbudzi m'kanthawi kochepa n'kuthawa. Tambala kuti aoneke tambala, osati nkhuku yodwala chitopa, amafuna luso ndi nthawi: lipombo, mchira wopindika, miyendo. Ndinalembapo atambala angapo pansalu, olipidwa, ndipo aliyense ankanditengera theka la tsiku. Nyali sanandilipirepo munthu, koma zinali ponseponse, pamiyala, pamilatho, pafumbi la magalimoto.

Kuposa apo, nyali inali chinthu chenicheni chimene ukanatha kuchinyamula popanda mlandu. Munthu woyenda ndi nyali masana dzuwa lili pamutu, umufunsa chiyani? Akuti ndikukagula chingwe. Manja nawo analowa m'nkhondoyi: a Kongeresi ankakweza chala chimodzi, a matipate zala ziwiri. M'mabasi munkamveka miyambi ikuponyedwa uku ndi uku, wina akuti atambala awiri salira m'khola limodzi, wina n'kuyankha kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Zotsatira zake, anthu oposa 63 pa 100 alionse anasankha nyali. Kummwera ndi kumpoto nyali inapambana kwambiri, pamene chigawo chapakati chinatsalira kwa tambala. Izi zikuonetsanso malire a chithunzi. Nyali yomweyo inaonedwa ku Kasungu ndi ku Dowa, koma kumeneko sinagwetse tambala. Chizindikiro chimasonkhanitsa zimene anthu ali nazo kale mumtima, sichibzala zatsopano. Mangochi anali ndi zifukwa zake kuyambira 1965, nyali inangozipatsa nkhope.

Makatuni a ndale anayamba liti kuno, ndipo mphamvu yake ili pati?

Anabuka limodzi ndi nyuzipepala zatsopano za 1993, pamene timanyuzi tambirimbiri tinkagulitsidwa m'misewu ya Blantyre, tina n'kufa patangotha miyezi. The Nation inayamba chaka chomwecho. Kwa nthawi yoyamba anthu anaona atsogoleri atajambulidwa ndi mimba zikuluzikulu ndi milomo yokokomeza. Nyuzipepala imodzi ikafika pa Mangochi masana inkayenda manja khumi, ndipo osawerenga ankapempha kuti angoona katuniyo.

Katuni yabwino ya ndale imagwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Choyamba, wojambula amasankha chinthu chimodzi pathupi kapena pa zovala za munthu n'kuchikuza mpaka chikhale dzina lake. Kamuzu anali wosavuta: chipewa, magalasi akuda, litchowa ndi ndodo. Ukajambula zinayi zimenezi nkhope siifunikanso. Chachiwiri, amamuika munthuyo m'nkhani imene owerenga akuidziwa kale, ya mwambi, ya nthano kapena ya m'mudzi, kuti chiweruzo achipereke okha.

Chitsanzo chimene anyamata athu obwerera ku Joni amachidziwa ndi cha Zapiro, wojambula makatuni wa ku South Africa. Mu 2006 Jacob Zuma, pozengedwa mlandu wogwiririra umene pambuyo pake khoti linamupeza wosalakwa, ananena kuti anasamba pa shawa pofuna kuchepetsa mwayi wotenga kachilombo ka HIV. Zapiro anamumata mpopi wa shawa pamutu, ndipo anapitiriza kumujambula nawo zaka ndi zaka, ali pulezidenti kale. Nkhani ikhale ya chuma kapena ya chisankho, shawa ili pompo ikudontha. Zuma anamusumira pa katuni ina ya 2008, koma mu 2012 mlanduwo anausiya. Nkhani yolembedwa imaiwalika sabata ikatha, koma chinthu chimene chamatidwa pamutu pa munthu chimayenda naye.

Si onse amene zimawathera bwino chotero. Gado, wa ku Tanzania, atajambula Pulezidenti Kikwete mu 2015, nyuzipepala ya The EastAfrican inaletsedwa kugulitsidwa m'dzikomo, ndipo chaka chotsatira iye anachotsedwa ntchito ku Daily Nation ya ku Kenya kumene anajambulako zaka zoposa 20.

Bwanji kuno sitiona zojambula zikuluzikulu zandale pamakoma ngati maiko ena?

Khoma lili ndi mwini, ndipo silithawa. Posita umamata usiku, katuni imatuluka m'dzina lobisika, koma chojambula cha pakhoma chimafuna makwerero, zitini za penti ndi masiku angapo uli poyera. Mwini golosale amene walola khoma lake ndiye adzayankhe mafunso, kapena kuswedwa magalasi. Choncho makoma athu amanyamula zotsatsa sopo, manetiweki a foni ndi mauthenga a kolera, pamene ndale zimathera pa mitengo ndi miyala yopakidwa mtundu wa chipani: chikasu, buluu, ndi ina.

Zojambula zikuluzikulu zimabwera pamene wopambana ali ndi khoma lakelake, kapena pamene anthu alanda malo kwa kanthawi. Anansi athu a tsidya la Chiponde ndi chitsanzo cha njira yoyamba. Frelimo itatenga dziko mu 1975 inadzaza makoma ndi zithunzi, ndipo ku Maputo, pa bwalo la ngwazi za dziko pafupi ndi bwalo la ndege, pali khoma lalitali mamita oposa 90 lofotokoza nkhondo yawo ya ufulu. Inapanganso munthu wa m'katuni wotchedwa Xiconhoca, dzina limene kumapeto kwake kuli mawu oti njoka: waulesi, wakatangale, kazitape, chidakwa. Ankamatidwa m'masukulu ndi m'mafakitale. Poyamba anthu ankaseka, koma dzinalo linasanduka chikwapu, moti aliyense wodandaula za mzere wa chakudya ankatha kutchedwa Xiconhoca. Katuni ikakhala m'manja mwa boma imaluma olamulidwa.

Njira yachiwiri inaoneka ku Khartoum, likulu la Sudan, mu 2019. Anthu atamanga misasa kunja kwa likulu la asilikali, makoma ozungulira anadzaza nkhope za ophedwa. Asilikali atabalalitsa msasawo mwankhanza pa 3 Juni, zambiri mwa zojambulazo zinafafanizidwa ndi penti.

Kodi posita ankazipanga bwanji ambiri popanda makina osindikizira?

Njira yake ndi yomwe timasindikizira mateyala a sukulu ndi malaya a timu, imene timaitcha sikirini. Ndiyo inagwiritsidwa ntchito ndi gulu la Medu, la anthu othawa tsankho ku South Africa amene anakhala ku Gaborone kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Maposita awo ankawolotsedwa malire mobisa n'kukamatidwa m'malokeshoni. Boma la azungu linatumiza asilikali: pa 14 Juni 1985 anaukira Gaborone napha anthu 12, mmodzi wa iwo wojambula Thami Mnyele.

Kachitidwe kake ndi aka. Umakhoma felemu ya matabwa, tinene masentimita 50 m'lifupi ndi 70 m'litali, n'kukokerapo nsalu yopyapyala ya nailoni mpaka ilire ngati ng'oma ukaigogoda. Chojambula chako umachidula ndi lezala papepala lopyapyala, kuchotsa malo okhawo amene ukufuna inki idutse. Umaika pepala loyera patebulo, chodulacho pamwamba pake, felemu pamwamba pa zonse. Umathira inki m'mphepete mwa felemu n'kuikoka kamodzi ndi labala yokhomedwa pathabwa, utaipendeketsa pang'ono. Kukoka koyambako kumamatitsa chodulacho kunsalu, ndipo kuyambira apo ntchito ndi kungosintha mapepala. Anthu atatu, wina woika pepala, wina wokoka, wina woyanika pachingwe, amatulutsa mulu ndithu usiku umodzi, ngakhale chodula cha pepala chimafooka chikanyowa kwambiri ndipo umayenera kudula china.

Zolakwika zake zimadziwika msanga. Ukaona m'mphepete mwa zilembo mukuchita ndevu, inki yachepa mphamvu ndipo ikulowa pansi. Iyenera kukhala ngati phala la mwana, osati ngati thobwa. Ukaona timadontho toyera pakati pa chakuda, inki yaumira m'maso a nsalu chifukwa mwachedwa kucheza, ndipo kutentha kwa kuno kumafulumizitsa zimenezi. Chithunzi chikatuluka pawiri, nsalu yakhwefuka. Mtundu uliwonse umafuna chodula chake ndi kukoka kwake, kuyambira wowala kumalizira wakuda, n'chifukwa chake maposita a nthawi zovuta amakhala a mitundu iwiri basi.

Pa kukula kwa zilembo, ife timayendera kuti sentimita imodzi ya msinkhu wa chilembo imawerengeka mpaka mamita atatu. Ngati mukufuna munthu wa pa kabaza aliwerenge ali mamita 30, zilembo zikhale masentimita 10, ndipo papepala wamba mukwana mawu atatu kapena anayi okha. Chomatira chabwino ndi phala la ufa wa chinangwa, koma matani pamwamba, chifukwa mbuzi za pa Mangochi zimadya posita yotere ndi uthenga wake womwe. Dziwaninso kuti dzuwa la kuno limayamba kudya mtundu wofiira. Pakatha miyezi ingapo chimatsala ndi chakuda, choncho mawu ofunika asakhale ofiira.

Kodi zithunzi zotere nthawi zonse zimakhala kumbali ya oponderezedwa?

Ayi, ndipo amene amaganiza choncho sanamve za Rwanda. Kuyambira 1990 nyuzipepala ya Kangura inkatulutsa nkhani ndi makatuni onyoza Atutsi, makamaka akazi awo, ndipo mawu oti mphemvu anazolowereka m'makutu mwa anthu zaka zingapo chiwembu cha 1994 chisanachitike. Mkonzi wake, Hassan Ngeze, anapezeka wolakwa ndi khoti la mayiko onse ku Arusha mu 2003. Luso limene linagwiritsidwa ntchito ndi lomwe lija ndatchula: kukuza chinthu chimodzi, kubwereza, kulowa m'maso mwa osawerenga.

Pozindikira kusiyana, ine ndimafunsa mafunso awiri. Kodi wojambulidwayo ndi munthu mmodzi waudindo, akusekedwa pa zimene wachita, kapena ndi mtundu wonse wa anthu ukusekedwa pa chimene unabadwa nacho? Nduna yojambulidwa ikumeza thumba la chimanga ndi nkhani ina. Munthu wopanda dzina wovala mkanjo ndi kofiya, kapena wovala kolala, woimira onse a chipembedzo chake, ndi nkhani inanso. Funso lachiwiri: chinyama chimene asankhacho timachita nacho chiyani? Fisi ndi kalulu timawaseka m'nthano. Mphemvu, nsikidzi ndi makoswe timapha. Kuno kumene mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, ndipo tinaonapo zipolowe mu 2003, ntchito yamtundu wachiwiriwu ndimaikana ngakhale ndalama ikhale yabwino. Anabwerapo bambo wina nthawi ya kampeni ndi pepala lotere m'thumba. Ndinati, "Bambo, penti yandithera." Anaona zitini zili mbwee pansi, anamva, napita.

Nanga zionetsero za 2011 ndi 2019 zinasiyana bwanji ndi 1993?

Pa 20 Julayi 2011 chizindikiro chinali mtundu: ochita zionetsero zotsutsa boma la Bingu wa Mutharika anavala zofiira, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'masiku awiri. Chofiira chili ngati nyali ija, aliyense ali nacho m'nyumba, ndipo chimaoneka patali. Ngakhale mbendera inalowa m'mkanganowo, pakuti mu 2010 boma linachotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuika loyera lathunthu, ndipo mu 2012 yakale inabwezeretsedwa.

Mu 2019 chizindikiro chinaperekedwa ndi chisankho chenichenicho: tipeksi wofufutira zotsatira pamapepala a pa 21 Meyi. Mawu amodzi amenewo ankakwana pa katoni iliyonse, ndipo khoti litathetsa chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020, tipeksiyo anali m'chigamulo. Chimene ndinaona chasintha n'chakuti zikwangwani zambiri zinali m'Chingerezi. Sizinkalembedwera mayi wa tomato uja, zinkalembedwera kamera, kuti chithunzi chikafike kunja. Khoma la masiku ano ndi foni.

Foniyo yabweretsa vuto lake. Mawu a pa chikwangwani amasinthidwa mosavuta pa chithunzi. Musanatumize kwa ena, kuzani chithunzicho muone ngati zilembo zikupindika motsatira katoni kapena nsaluyo. Zikakhala zowongoka bwino pamene nsalu ili makwinya, zaikidwa pambuyo. Yang'ananinso nambala za magalimoto, yunifolomu ya apolisi ndi masaini a masitolo kumbuyoko, chifukwa zithunzi zambiri zimene zimati ndi za ku Lilongwe zimakhala za dziko lina.

Lamulo likuti chiyani lero? Ndingamangidwe chifukwa cha katuni kapena chikwangwani?

Malamulo aakulu a dziko amateteza ufulu wolankhula pa gawo 35, wa atolankhani pa gawo 36, ndi wochita zionetsero mwamtendere pa gawo 38. Milandu ya kuukira boma ndi mawu, imene inagwiritsidwa ntchito pa kalata ya maepiskopi ija, aphungu anaichotsa mu 2022. Komabe anthu akhala akumangidwa pa zimene atumiza pa foni pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la za pa intaneti, ndipo munthu amene mwamunamizira angathe kukusumirani. Khoma la mwini kapena la boma mukalipaka popanda chilolezo, umenewo ndi mlandu wowononga katundu, uthenga ukhale wabwino chotani.

Zinthu za 1993 zija zilipo pena pake zoti tingazione?

Zochepa kwambiri. Posita sipangidwira kukhalitsa: mvula, dzuwa, chiswe ndi mbuzi zimagawana, ndipo zimene zinali zoopsa kusunga anthu ankaziwotcha akangowerenga. Nyali za khala zinatha ndi mvula yoyamba. Zimene zapulumuka kwambiri ndi zitenje, chifukwa amayi sataya nsalu. Funsani agogo anu akutsegulireni sutikesi. Mungapezemo Kamuzu, pansi pake chikasu cha 1994, pansi pakenso nkhope zina zimene zinabwera pambuyo, zonse zitapindidwa pamodzi ndi mankhwala a njenjete.

Mukapeza pepala lakale, musalimate ndi selotepi, imasiya banga lofiirira ndipo imadya inki. Liyaleni pakati pa mapepala awiri oyera, mulijambule ndi foni pamthunzi, ndipo mulembe padera amene anali nalo, kumene analitola ndi chaka. Pepala langa la m'basi ya ku Monkey Bay lija ndinalibisa m'kati mwa chitini chopanda penti, pansi pa maburashi akale. Nditalitulutsa patapita zaka, mawu onse anali atafufutika, kupatula mzere wapamwamba umene unalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.